Mawu a pamwamba pa chikwangwani: sankhani phindu limodzi

“Ndili ndi kashopu ku Chawama. Ndimagulitsa nkhuku zosadzula, mazira, kapenta ndi ufa. Ndili ndi filiji ya sola, ndimatsegula mʼmamawa, mitengo ndi yabwino ndipo malo ndi aukhondo. Ndikufuna kulembetsa chikwangwani. Kodi pamwamba ndilembe zonsezi?”

Ayi mayi, musalembe zonse. Munthu amene adzawerenge chikwangwani chanu akhala ali mʼminibasi, kapena akuyenda mothamanga ndi mwana kumbuyo, maso ali pansi kulewa matope. Diso lake likagwera pa bolodi, limatola mawu anayi kapena asanu basi. Mukaunjika zabwino zinayi, zilembo zimachepa kuti zikwane, ndipo iye amadutsa osagwira ngakhale chimodzi.

Tiyeni tizisefe. Chilichonse muchifunse kuti: kodi mnzanga wa kantemba ka pafupi angalembenso zomwezi osanama? Ukhondo ukugwa pomwepo, chifukwa palibe wogulitsa amene amadzitcha wauve. “Mitengo yabwino” nayonso ikugwa, ndipo iyi ndiyo ndimaletsa kwambiri. Aliyense mu Lusaka amadziwa kuti wofuna zotsika mtengo amapita ku msika wa Soweto, kumene inu mwina mumaodako. Mukati “zotchipa”, mwaitana munthu kuti akuyerekezeni ndi msika umene simungaugonjetse. Mtengo umakoka pokhapokha walembedwa nambala yake, ndipo nambalayo ikakwera mwezi wamawa, utoto wanu wapita pachabe. Mitengo ilembeni ndi choko pa kabolodi kena.

Kutsegula mʼmamawa kuli ndi mphamvu ndithu, ngati mutatchula nthawi yeniyeni, monga “Timatsegula 05:30”. Koma funso lachiwiri nʼlakuti: kodi ndingazisunge tsiku lililonse? Tsiku la maliro, kapena mwana akadwala usiku, wogula adzapeza loko pachitseko, pamwamba pake pali lonjezo lanu mʼzilembo zazikulu.

Chatsala ndi filiji ija, ndipo mwaitchula mongodutsa ngati kanthu kakangʼono, pamene ndiyo chuma chanu. Mʼchaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankazima maola ambirimbiri, ndipo amayi anaphunzira kununkhiza nkhuku asanalipire. Mantha amenewo sanathe. Koma samalani apa: musalembe kuti “Tili ndi filiji ya sola”. Imeneyo ndi nkhani yanu. Wogula safuna filiji, akufuna ndiwo zimene sizinasase. Tembenuzani mawuwo ayangʼane kwa iye:

“Malaiti azime, nkhuku zathu nʼzozizira.”

Mawu asanu, ndipo munthu angathe kuwayesa yekha pogwira nkhukuyo ndi dzanja. Dzina la shopu libwere mʼmunsi, mʼzilembo zazingʼono, kenako mzere umodzi wa mazira, kapenta ndi ufa. Simukuzitaya, mukungozikhazika kumbuyo. Amene walowa chifukwa cha nkhuku adzaona thileyi ya mazira ndi maso ake.

Komabe musandikhulupirire ine musanamve makasitomala anu. Kwa sabata imodzi, aliyense amene wabwera kachiwiri mumufunse mocheza kuti, “Nanga bwanji mwadutsa mashopu ena kufika kuno?” Kuseri kwa buku la ngongole lembani mayankho, ndipo yankho likabwerezedwa ikani kamzere. Lembani mawu awo momwe awanenera. Ngati ambiri akuti “zanu sizinunkha”, mutu wanu ndi womwewo. Mukapeza kuti ambiri akutchula kutsegula mʼmamawa, tsatirani iwowo, ndipo konzani woti azitsegula inu mukasowa.

Musanalipire wolemba zikwangwani, lembani mutuwo ndi makala pa katoni, muupachike pomwe bolodi lidzakhale, muwoloke msewu. Ngati simukuuwerenga bwino muli tsidya lija, chotsani mawu, musachepetse zilembo. Kenako onetsani mwana wa neba kamphindi, mubise, mumufunse chimene shopu ikulonjeza. Akayamba kukanda mutu, ndiye kuti muli zambiri. Mukafuna kuyesa mitu iwiri, uliwonse upatseni sabata yake, koma musaike wina pakati pa mwezi wina kumapeto, chifukwa malipiro akatuluka mutu uliwonse umaoneka ngati ukugulitsa.

Chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: yesani batire lanu kaye. Mʼnyengo ya mvula, mitambo ikaphimba masiku awiri motsatizana, kodi filijiyo imafika mʼmawa ikuzizirabe? Ikani kabotolo ka madzi oundana mʼkati mwa gawo loundanitsa nkhuku madzulo, muone mʼmawa ngati asungunuka. Akasungunuka, dikirani, konzani batire musanagule utoto, chifukwa nkhuku imodzi yofewa pansi pa mawu amenewo idzamveka mʼkomboni monse dzuwa lisanalowe.