Ahedi akuti 20 pelesenti, koma fizi yachoka pa 180 kufika pa 225

"Moni akulu. Ndine mayi wa ana awiri, tikukhala ku Mufakose mu Harare. Ahedi atumiza kalata yoti fizi yakwera ndi 20 pelesenti ndipo kuyambira temu ikubwerayi tizilipira madola 225 pa mwana aliyense. Temu yathayi ndimalipira 180. Ndawerengera kangapo ndikupeza 216, osati 225. Kodi mutu wanga ndi umene sukugwira kapena pali china? Ndikuopa kukafunsa, mwina angandione ngati wovuta ana anga n'kuvutikira."

Mayi, mutu wanu ukugwira bwinobwino, 216 yanuyo ndi yolondola. Tiyeni tiyende limodzi kuti mukapita kusukuluko mukayankhule molimba mtima. Pelesenti yokweza mtengo imawerengedwa kuchokera pa mtengo wakale, umene mumalipira kale uja. Ndiye 10 pelesenti ya 180 ndi 18, mungochotsa ziro wakumapetoyo basi, 20 pelesenti ndi 18 kawiri yomwe ndi 36, mukaphatikiza pa 180 muja mupeza 216. Pa kalukuleta ya pafoni ndi chonchi:

```
180 × 1.20 = 216
```

Tsono funso lenileni ndi lakuti madola 9 otsalawo achokera kuti, ndipo ndikayang'ana manambala anuwa ndikuona njira ziwiri zikuluzikulu zimene zingatheke.

Yoyamba, yomwe ine ndikuganiza kuti ndi imene inachitika, ndi yoti amene analemba kalatayo anagawa ndi mtengo wolakwika. Taonani, kuchoka pa 180 kufika pa 225 ndalama yawonjezereka ndi 45. Mukatenga 45 ija n'kugawa ndi 180, mtengo wakale, mupeza 0.25, kutanthauza 25 pelesenti. Koma mukaigawa ndi 225, mtengo watsopano, mupeza 0.20 ndendende, 20 pelesenti ija ya m'kalata.

```
45 ÷ 180 = 0.25
45 ÷ 225 = 0.20
```

Kugwirizana kotereku sikumangochitika mwangozi kawirikawiri, ndiye ndikuganiza kuti wina muofesi, kaya abasala kaya akalaliki, anayamba ndi 225 yomwe sukulu ikufuna, kenako n'kufunafuna pelesenti yoti alembe, n'kugawa ndi nambala imene inali pamaso pake. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, ngakhale ophunzira bwino, ndiye sindikunena kuti ahedi anu ndi akuba ayi. Koma inu amene mumagula ndi kugulitsa mukudziwa kale zimenezi: mukaoda bakete la tomato ku Mbare pa madola 4 n'kuligulitsa 5, dola imodzi ya phinduyo mumaiyeza pa 4 imene munatulutsa m'thumba, ndiye kuti mwapindula kota, 25 pelesenti, palibe amene amaiyeza pa 5. Fizi nayo ndi chimodzimodzi, imene imatuluka m'thumba mwanu inali 180, pamenepo ndi poyambira. 20 pelesenti ija ingakhale yoona pokhapokha fizi ikanakhala ikutsika kuchoka pa 225 kubwera pa 180, ndipo tonse tikudziwa kuti sikumene ikupita.

Njira yachiwiri ndi yoti 20 pelesenti ndi yoonadi, fizi yafika pa 216, koma pamwamba pake aikapo kanthu kena katsopano ka madola 9 kamene kalatayo sinatchule. Kuno fizi imene timangoitchula ndi dzina limodzi imakhala ndi zigawo, pali ya maphunziro yeniyeni, pali levi ya chitukuko imene imayendetsedwa ndi komiti ya makolo ija ya SDC, nthawi zina pali ya masewera, ya kompyuta, ya mjigo kapena sola poti madzi ndi magetsi mu Harare muno mukudziwa mmene zilili. Ndiye zimatheka ahedi kulemba pelesenti ya zigawo zakale zokha, koma pa mzere wa "zonse pamodzi" n'kuphatikizamo levi yatsopano. Ngati ndi choncho masamu awo ndi olondola koma kalata yawo ndi yoperewera, chifukwa kwa inu wolipira kukwera kwake ndi 25 pelesenti basi, kaya 9 ameneyo amutcha dzina lanji.

Mungadziwe bwanji kuti ndi iti mwa ziwirizi? Tengani lisiti kapena invoisi ya temu yatha, ija yolembedwa zigawozigawo, mukapemphe abasala akupatseni ya temu ikubwerayi yolembedwa chimodzimodzi, muziike pambalipambali. Ngati pali mzere watsopano wa madola 9, nkhani yadziwika. Ngati mizere ndi yomweyo koma yonse yakwera ndipo ikukwana 225, ndiye kuti pelesenti ya m'kalata ndi yolakwika. Chonde onaninso kuti 180 yanuyo inali fizi yonse yathunthu, chifukwa sukulu zina zimachotsera pang'ono kholo la ana awiri kapena wolipira msanga, ndiye ngati munkachotseredwa, poyambira pa ahedi ndi pa inu pangasiyane. Kuti 20 pelesenti ibereke 225, mtengo wakale ukanayenera kukhala 187.50, ndipo mukaona nambala imeneyi penapake pa mapepala akale ndiye kuti mwapeza yankho lachitatu, ngakhale ine sindikuyembekeza.

Mwina wina anena kuti aaa madola 9 okha mpaka kulemba kalata. Ine ndikukana. Chaka cha sukulu kuno chili ndi matemu 3, ndiye 9 katatu ndi 27 pa mwana mmodzi, pa ana anu awiri ndi 54 pachaka, ndalama imeneyo ndi nsapato za sukulu kapena makope a chaka. Ndipo kukwera konseko mukakuona pachaka ndi pamene mumamva kulemera kwake: kale ana awiri matemu 3 inali 180 × 6 yomwe ndi 1,080, pa 216 ikanakhala 1,296, pa 225 ikufika 1,350. Komanso nambala imene yakhazikika lero ndi imene adzayambirepo akadzafuna kukwezanso, ndiye 9 wa lero adzaberekana m'tsogolomo, akadzati 10 pelesenti ina idzakhala ya 225 osati ya 216.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, chifukwa masamu okha sakuuzani kuti mulipire zingati. Kalata ya ahedi payokha si imene imakweza fizi. Lamulo la maphunziro la dziko lino la Zimbabwe limafuna kuti sukulu ikafuna kukweza fizi kapena levi iyitanitse msonkhano wa makolo, pamsonkhanopo pakhale makolo osachepera 20 pelesenti ya makolo onse, ambiri mwa amene abwerawo avomereze, kenako sukulu ipemphe chilolezo ku unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, itatumiza maminitsi a msonkhano, mayina a amene anabwera ndi bajeti yake. Unduna ukavomera umalemba kalata. Ndiye nambala imene ili ndi mphamvu ndi imene makolo anavota ndipo unduna unavomereza, osati imene yatayipidwa pa kapepala kamene mwana wabwera nako m'chikwama. Ngati pamsonkhano anthu anaimika manja kuti 225, ndiye kuti 225 ndi imene muzilipira ngakhale pelesenti yalembedwa molakwika, ahedi angoyenera kukonza kalata. Koma ngati makolo anauzidwa kuti "tikukweza ndi 20 pelesenti" n'kuvomera zimenezo, ndiye kuti anavomera 216, ndipo 225 palibe anaivomereza. Mukuona kusiyana kwake? N'chifukwa chake maminitsi ndi ofunika kuposa kalukuleta.

Za mantha anuwo ndikuwamvetsa. Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale kuno tinakula tikuuzidwa kuti mlendo sakweza mawu, ndiye ukafika paofesi umangoti zikomo bwana n'kutuluka. Koma pasukulu ya mwana wanu simuli mlendo, ndinu kholo lolipira, ndipo SDC imasankhidwa ndi makolo ngati inu nomwe. Kufunsa kuti nambala yachokera pati si mwano. Musakayambire pagulu la WhatsApp la makolo, kumeneko nkhani imasanduka mkangano msanga ndipo ahedi akachita manyazi pagulu amayamba kudziteteza m'malo mokonza. Lembani kakalata kafupi, m'Chishona kapena m'Chingerezi mmene mungathere, mupereke kuofesi, kope ina mupatse apampando a SDC, ina musunge. Mawu ake angakhale ngati awa: "Ndalandira kalata yanu yokweza fizi. Temu yatha ndinalipira madola 180 pa mwana. Ndikawerengera 20 pelesenti ndikupeza 216 koma kalata ikuti 225. Chonde ndithandizeni ndi zigawo za fizi yatsopanoyi, tsiku limene makolo anakumana, ndi kalata yachilolezo yochokera ku unduna." Basi, osaonjezera zokalipa. Mhedi amene zinthu zake zili m'malo amatulutsa mapepala amenewa osavuta, ena amachita kuwamata pabolodi yazidziwitso. Akamazembazemba sabata n'kutha, pitani kuofesi ya maphunziro ya distilikiti yanu mukafunse ngati fizi ya sukuluyo inavomerezedwa, kumeneko ndi kumene mapempho amadutsira.

Pamene mukudikira yankho musakhale osalipira kalikonse, zimenezo zimangokupatsani ngongole ndi dzina loipa. Ine ndikanakhala inu ndikanalipira 216 pa mwana, imene palibe akuitsutsa, n'kusunga lisiti, 9 uja n'kumuika pambali kuti akapezeka kuti ndi wovomerezeka ndingokapereka. Ana asakudetseni nkhawa kwambiri, kuyambira pamene lamulo la maphunziro linasinthidwa mu 2020 mwana sayenera kuthamangitsidwa m'kalasi chifukwa cha fizi, ngongole ndi ya kholo ndi sukulu osati ya mwana. Tikudziwa kuti pageti zina zimachitikabe, koma zikachitika chifukwa cha madola 9 amene mwafunsa kale polemba, kope ya kalata yanu ija ndi imene mukaonetse ku distilikiti.

Kanthu kena kakang'ono ngati mukalipira mu ZiG, ndalama ya dziko lino, osati madola a Amereka: pelesenti muiwerengere pa madola kaye, mukapeza nambala yolondola ndi pamene muisinthe, ndipo mufunse abasala reti imene akugwiritsa ntchito tsiku limenelo ailembe pa lisiti. Mukayerekeza ZiG ya temu yatha ndi ZiG ya temu ino mudzasokonezeka, chifukwa mkati mwake mwalowa zinthu ziwiri, kukwera kwa fizi ndi kusintha kwa reti, ndipo simungathe kuzilekanitsa ngati reti sinalembedwe.