Gulani awiri, lachitatu n'laulere: kodi mtengo watsikadi ndi zingati?

"M'shopu ina ku Kamwala alemba kuti ukagula mabotolo awiri a mafuta ophikira, lachitatu n'laulere. Botolo limodzi ndi K60. Amuna anga akuti mtengo watsika ndi theka, poti limodzi pa awiri ndi theka. Ine mtima ukukana. Zoona n'ziti?" Mayi wa ku Chilenje

Mayi, mtima wanu sukukunamizani. Mtengo watsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, omwe ndi pafupifupi 33 peresenti, osati theka.

Tiyambire pa tilu pomwepo. Mwapereka ndalama za mabotolo awiri, ndiye K120 yatuluka m'chikwama. Koma m'thumba mwanyamula mabotolo atatu. K120 ija muigawe patatu, mupeza kuti botolo lililonse lakudyerani K40. Linali K60, tsopano lili K40, ndiye kuti pa botolo lililonse mwapulumutsa K20. Ndipo K20 imalowa katatu mu K60. Apo ndi pamene pachokera gawo limodzi mwa atatu lija.

Bambo akunyumba asokonezeka pamalo pamene ambiri amasokonezekera, ndipo n'zomveka. Iwo akuyerekeza botolo laulere ndi mabotolo awiri amene mwalipira. Koma kutsika kwa mtengo timakuyeza poyang'ana ndalama zimene mukanalipira pa katundu yense amene mwatuluka naye. Mabotolo atatu, tsiku lopanda mbasela, ndi K180. Lero mwapereka K120. Yotsala m'manja ndi K60, ndipo K60 pa K180 si theka ayi. Theka likanakhala K90. Kuti mtengo utsikedi ndi theka, pafunika kuti ukagula limodzi akupatse lina laulere. Muwafunse bambowo mwaulemu kuti, ngati mtengo watsikadi ndi theka, bwanji botolo silikufika pa K30? Mabotolo atatu a K30 ndi K90, koma risiti ikunena K120.

Mtengo ukhale wina uliwonse, yankho silisintha, bola zinthu zitatuzo zikhale za mtengo wofanana. Zikasiyana mitengo, mashopu ambiri amapereka chaulere chimene chili chotchipa kwambiri, ndiye phindu limachepa. Muziwerenga timawu tating'onoting'ono ta m'munsi mwa chikwangwani musanaike katundu m'basiketi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti 33 peresenti ija imakwanira pokhapokha mwatenga atatu, 6, 9, kumapita choncho. Tinene kuti pakhomo panu mumafuna mabotolo anayi pamwezi. Atatu oyamba ndi K120, lachinayi mulipira K60 yonse, pamodzi K180. Mukagawa panayi, botolo lili pa K45, ndiye mtengo watsika ndi 25 peresenti yokha. Ndipo ngati munkafuna botolo limodzi basi, mwatulutsa K120 tsiku limene munakonzekera K60. K60 inayo mwina inali ya ndiwo kapena ya basi ya ana. Mafuta amasungika, bola muone tsiku lothera ntchito lolembedwa pa botolo, choncho amene ali ndi ndalama pafupi sataya kanthu. Koma zikakhala zinthu ngati yogati kapena buledi, chachitatu chikaonongeka musanadye, ziwiri zija mwazigula pa mtengo wathunthu ndipo palibe chimene mwapindula. Njira yabwino ndi kugwirizana ndi aneba awiri, aliyense asonkhe K40 n'kutenga botolo lake.

Palinso funso lina limene chikwangwani sichingakuyankheni: kodi K60 imeneyi ndi mtengo weniweni wa masiku onse? Tiyerekeze kuti botolo lomwelo, la kukula komweko, kumsika wa Soweto likupezeka pa K50. Pamenepo K40 yanu muiyerekeze ndi K50, osati K60. Kusiyana kwake ndi K10, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kuti 20 peresenti. Mwapindulabe, koma osati mmene chikwangwani chikuonetsera. Ine ndimakhulupirira mtengo umene ndauona ndi maso anga kwina kuposa umene walembedwa ndi inki yofiira. Muonenso mamililita pa botolo, chifukwa nthawi zina la mbasela limakhala laling'ono kuposa anzake awiri aja.

Mukapeza shopu ina yangotsitsa mtengo wa botolo lililonse, kuyerekeza n'kosavuta. Akachotsa 30 peresenti pa K60, botolo lili pa K42, ndiye atatu aja a K40 akutchipa ndi K2 yokha pa botolo, pomwe kumeneku mukhoza kugula limodzi n'kubwerera kunyumba ndi chenji. Akachotsa 40 peresenti, botolo lili pa K36, ndipo pamenepo musachedwe n'kuganiza, gulani kumeneko.