Mnzanga wasintha kalembedwe mwadzidzidzi: ndi iyeyo kapena wina?

Kalata yabwera kuchokera kwa mayi wina wa ku Matero, mu mzinda wa Lusaka:

"Achimwene, ndili ndi mnzanga amene timagulitsa naye salaula ku Soweto. Zaka zonsezi pa WhatsApp amandilembera Chinyanja chathu cha m'tauni, nthawi zambiri amangotumiza mawu. Kuyambira dzulo akulemba Chingerezi choongoka, ndipo lero wati ndimubwereke K1,500 adzabweza Lachisanu. Nambala ndi yake, chithunzi ndi chake. Ndikuopa kumunyoza ngati ndi iyeyo. Ndichite bwanji?"

Mayi, ndalamayo muyambe mwaigwira. Musavomere kanthu pa WhatsApp mpaka mutamva mawu ake pa foni wamba, ya mayunitsi, kapena mutamuona ndi maso pamsika. Kunyoza palibe apa. Mnzanu weniweni akamva kuti munaimba kaye kuti mutsimikize adzangoseka, ndipo mwina ndiye adzakuthokozeni.

Nambala ndi chithunzi zisakunyengeni. Munthu akalanda akaunti ya WhatsApp amatenga zonse ziwiri. Chimene sangatenge ndi dzanja la mwini wake, ndipo pali chifukwa chake chimene anthu ambiri sachidziwa. Macheza akale a WhatsApp amakhala m'foni ya mwini wake ndi m'malo amene iye amasungira zinthu zake. Wakuba akalembetsa nambalayo pa foni yake, amapeza m'nyumba mopanda katundu: macheza akale mulibe. Chimene amapeza ndi magulu amene mnzanuyo alimo, la tchalitchi, la chilimba, la makolo a kusukulu, ndi manambala a anthu a m'magulumo. Ndiye amayamba kugogoda pa nambala iliyonse asakudziwa kuti mwini akaunti amayankhula bwanji ndi munthu ameneyo, kaya ndi mlamu wake, kaya ndi abusa. N'chifukwa chake amalemba Chingerezi chosalala chopanda dzina. Chimakwana pa aliyense, ngati chitenje.

Ndikuuzeni za mlamu wanga wa ku Chawama, chifukwa ine ndemwe ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyi. Mlamu wangayo chikwatireni mlongo wanga sananditchulepo dzina. Amati "atate ake mapasa", ndipo polemba amafupikitsa mwa njira yakeyake. Salemba "ndi", amalemba "ni": "nili mu tauni", "nizabwela mailo". Chilembo cha r m'foni mwake chimangokhala ngati chokongoletsa, iye zonse ndi l. Saika mpumiro, uthenga umodzi amaudula zidutswa zinayi, ndipo nkhani ikatalika pang'ono amatopa n'kutumiza mawu, kumbuyo kukumveka mahutala a minibasi. Tsiku lina cha m'ma 11 usiku kunabwera uthenga umodzi wathunthu, woyamba ndi chilembo chachikulu, wotha ndi mpumiro, wondipatsa moni wa Chingerezi ngati wa kalata ya ku ofesi. Munthu amene amagona 9 koloko chifukwa amadzuka m'bandakucha kukaoda tomato.

Moniwo ndinayankha osaganiza kanthu. Wachiwiri ndi umene unandidzutsa. Anati ali pa vuto, akaunti yake ya ndalama za pa foni yatsekeka, nditumize K800 pa nambala ya mnzake. Ndinayankha m'Chinyanja dala. Yankho linabwera m'Chinyanja ndithu, koma la "ndidzabweza mawa". Chichewa chabwino, cha m'buku, chimene ine ndikulemba panochi, koma mlamu wanga sanalembepo "ndidza" kapena "mawa" chibadwire. Apa m'pamene pali phunziro lenileni la kalembedwe. Musamangoona chinenero, kuti ndi Chingerezi kapena Chinyanja, chifukwa akuba ambiri ndi anzathu omwewa, Chinyanja ndi Chibemba amachidziwa. Muziona tizinthu ting'onoting'ono timene munthu amachita osaganiza: mmene amakuitanirani, "iwe" kapena "imwe", mmene amasekera polemba, kachithunzi kamene amakonda kuika kumapeto, mawu amene amawalakwitsa nthawi zonse. Munthu akhoza kusintha chinenero malinga ndi nkhani, koma zolakwitsa zake sasintha tsiku limodzi.

Kenako ndinamutchera msampha. Mlamu wanga ali ndi ana aamuna okhaokha. Ndinalemba kuti, "Nanga mwana wanu wamkazi uja watuluka m'chipatala?" Yankho: "Inde ali bwino tsopano, zikomo." Nkhani inathera pomwepo. Funso lotere limaposa lija loti "kodi ndi iwedi?", chifukwa limenelo aliyense amayankha kuti inde, ndiponso limamuchenjeza wakubayo. Limaposanso kufunsa tsiku lobadwa kapena dzina la mwana, zinthu zimene zili poyera pa Facebook. Mufunseni chinthu chabodza chimene mwini wake angadabwe nacho. Kwa inu mayi, mukhoza kunena za belo la nsapato limene simunagulepo limodzi. Mnzanu weniweni adzati, "Nsapato ziti?"

Koma ndisakunamizeni kuti kalembedwe kakasintha ndiye kuti ndi wakuba basi. Foni yatsopano imakonza yokha mawu n'kuika zilembo zazikulu, moti munthu wolemba mokhotakhota amaoneka ngati mphunzitsi tsiku limodzi. Amayi ambiri amapatsa mwana wa sukulu foni kuti awalembere manja ali m'madzi. Ena foni imagwidwa ndi mwamuna wawo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina, yofuna kusamala nayo zimene mukulemba. Munthu amene ali pa maliro kapena wakwiya amalembanso mouma. Kusintha kwa kalembedwe pakokha kumangokuuzani kuti zala zimene zikulemba mwina si zake. Kukabwera pamodzi ndi pempho la ndalama, changu chakuti zichitike pompano, ndi kukana kuyankhula, pamenepo ndiye utsi wasanduka moto. Kukana kuyankhulako muzikuonetsetsa. Mukaimba pa WhatsApp amadula n'kulemba kuti ali m'misonkhano, kapena netiweki ikuvuta, kapena sipika ya foni yafa. Munthu wa mauthenga a mawu tsiku ndi tsiku sipika yake siifa pa tsiku lomwe akufuna K1,500.

Palinso mtundu wina wovuta kuugwira, ndipo kalembedwe sikathandiza kwambiri. WhatsApp imalola kulumikiza akaunti imodzi ku zipangizo zina zinayi. Wina akabwereka foni ya mnzanu kwa mphindi ziwiri, kapena akamunyengerera kuti alowetse kodi ina yake, akhoza kulumikiza kompyuta kapena foni yake. Ameneyo amaona macheza aposachedwa, amawerenga mmene mumaitanirana, n'kutsanzira. Chimodzimodzi wolowa pa Messenger, chifukwa kumenekonso macheza akale akhoza kuwapeza. Wotsanzirayo amagwidwa ndi kupyoza muyezo: "amake mwana" pa mzere uliwonse, pamene mwini wake amatero kamodzi poyamba. Koma musadalire khutu lanu lokha pamenepa. Foni wamba ndiye woweruza.

Mukaimba, mverani bwino. Akayankha mnzanu n'kunena kuti WhatsApp yake inangomutulutsa dzulo, mwadziwa. Foni ikakhala yozima, kapena ikulira osayankhidwa kenako n'kubwera uthenga woti "lembani", mwina anamulanda simu yomwe, kapena foni yonse inabedwa m'basi. Pamenepo imbirani mwamuna wake, mwana wake, kapena woyandikana naye benchi ku Soweto. Kuchoka ku Matero kupita kumsika ndalama ya basi ndi yochepa poyerekeza ndi imene akukupemphani.

Chizindikiro china chili pa ndalama pomwepo. Potumiza pa Airtel Money kapena MTN MoMo, dzina la wolandira limaoneka musanaike pini. Akuba kawirikawiri amapereka nambala ina n'kunena kuti ndi ya ejenti kapena ya mnzawo. Dzina lachilendo likatuluka, bwererani. Ine dzina limene linatuluka pa nambala ija sindinalimvepo m'banja mwathu monse.

Chimene mlamu wanga anachita kuti alandidwe n'chimene inunso mungachite mawa, choncho mvetsani. Masana a tsikulo analandira uthenga kuchokera kwa mayi wa m'gulu lawo la chilimba, amenenso anali atalandidwa kale, woti watumiza molakwitsa kodi ya manambala 6 ku foni yake, amuthandize kumubwezera. Kodiyo inali ya WhatsApp ya mlamu wanga yemwe. Wakuba anali atalemba nambala yake pa foni ina, WhatsApp n'kutumiza kodi kwa mwini nambala. Atangoipereka, akaunti inasamuka. Ndiye ngati "mnzanuyo" angasiye za ndalama n'kukupemphani kodi imene yangofika pa foni yanu, dziwani kuti tsopano akufuna nyumba yanu.

Zikatsimikizika, mnzanu alowenso mu WhatsApp ndi nambala yake, alandire kodi yatsopano pa meseji, aiike. Akangotero wakuba uja amatulutsidwa, chifukwa nambala imodzi imalembetsedwa pa foni imodzi. Nthawi zina imafunsanso pini ina imene iye sakuidziwa, kutanthauza kuti wakubayo anatchera Two-step verification. Zikatero amadikira masiku 7 kuti alowe popanda piniyo, koma wakubayo amakhala atatuluka kale. Mlamu wanga anadikira sabata yonseyo akung'ung'udza kuti makasitomala akumusowa. Akalowa, apite pa Linked devices n'kutulutsa chipangizo chilichonse chimene sakuchidziwa, kenako pa Settings, Account, Two-step verification aike pini yakeyake. Ngati simu ndi imene inapita, ayambire ku ofesi ya kampani ya foni yake atatenga chiphaso chake cha NRC, chifukwa popanda simu kodi siimufika.

Inuyo pa foni yanu, pa Account pomwepo pali Security notifications. Mukayatsa, WhatsApp imakuuzani m'macheza pamene kodi ya chitetezo ya mnzanu yasintha, zimene zimachitika akasintha foni kapena akaikanso WhatsApp. Si umboni wa kuba, popeza anthu amagula mafoni tsiku lililonse, koma kauthenga kameneko kakaoneka dzulo ndipo lero munthu akulemba ngati mlendo, simufunikanso kulosera.

Musanafufute kanthu, jambulani macheza onse ndi nambala imene anakupatsani kuti mutumizeko ndalama. Zimenezo n'zimene mnzanu angapite nazo ku polisi, ku kampani ya foni kapena ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Ndipo lero lomwe chenjezani anthu a m'magulu amene muli naye limodzi. Kumbukirani kuti wakubayo ali m'gulumo ndipo akuwerenga, choncho uzani woyang'anira gulu payekha kuti ayambe waichotsa nambalayo. Kwa mlamu wanga, pamene ine ndinkatchera msampha wanga wa mwana wamkazi, azakhali ake a ku Chipata anali atatumiza kale K300.