Anaphethira kapena anatsinzina?

"Ndimajambula pa maukwati ndi pa chilanga mulilo kuno ku Lusaka. Pa chithunzi cha anthu 14, amayi a mkwatibwi atuluka maso ali otseka, koma pa chinzake ali bwino. Ndikufuna kulembera mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito kakonzedwe kake. Ndilembe kuti anaphethira kapena anatsinzina? Nanga 'kubwereka nkhope' ndi Chichewa chabwino?" Wojambula, Matero

Bambo, musanasankhe liwu, tsegulani chithunzicho muchikulitse, muone chimene nkhope ya amayiwo ikuchita. Mawu awiriwa sanena chinthu chimodzi, ndipo ntchito imene mphwanu adzagwire idzasiyana malinga ndi liwu limene mwamulembera.

Kuphethira kumachitika kokha. Chikope chimatsika n'kukwera munthu asanaganizeko n'komwe, ndipo zonsezi sizifika theka la sekondi. Nkhope yonse imakhala ili chikhalire: masaya, pakamwa ndi chipumi sizisuntha. Kutsinzina kumatenga nthawi ndipo kumakhala ndi chifukwa. Timatsinzina popemphera, pothawa kuthobwa ndi dzuwa, kapena phwete likatigwira kwambiri. Wotsinzina chifukwa cha dzuwa kapena kuseka amafinya nkhope yonse, masaya amakwera, nsidze zimatsika, m'mbali mwa maso mumachita makwinya. Palinso kutsinzinira, kumene ndi kutseka diso limodzi pouza wina kanthu mwachinsinsi. Limeneli musalilembe pa nkhani ya apongozi a munthu, mungayambitse mlandu.

Chosokoneza n'chakuti pa chithunzi nthawi imaima. Munthu amene anangophethira amaoneka ngati watsinzina mpaka kale. Choncho chiganizo cholondola chimanyamula mawu onse awiri: "Amayi anaphethira, ndiye pa chithunzi atuluka ngati atsinzina." Loyamba likunena zimene zinachitika, lachiwiri zimene zikuoneka. Muonjezereponso kuti ndi munthu m'modzi, chifukwa "anaphethira" wa ulemu ndi "anaphethira" wa anthu ambiri amalembedwa chimodzimodzi, ndipo mnyamatayo angayambe kufufuza anthu onse 14.

Kusiyana kumeneku kuli ndi phindu pa ntchito. Ngati anaphethira, chithunzi choyandikana nacho, chimene munajambula kamphindi kambuyo kapena katsogolo, chikhala ndi maso otsegula ndipo mutu ukhala pafupifupi pamalo pomwepo. Apo mumatenga maso okha. Ngati anatsinzina, zithunzi zoyandikana nazonso zikhala zotseka, mudzapita patali kukapeza chabwino, ndipo mudzayenera kutenga nkhope yonse. Maso otong'ola oikidwa pamwamba pa masaya ofinyika ndi kuseka amaoneka achilendo ngakhale kwa munthu wosadziwa za zithunzi. Sanena chimene chalakwika, amangoti amenewa si mayi anga.

Tsopano za kubwereka. Pocheza ndi anzanu a ntchito liwuli limveka, ndipo sindilikana. Koma chobwereka chimabwezedwa, ndiponso chimachokera kwa munthu wina. Mukauza mwini ukwati kuti "tabwereka nkhope", funso lake loyamba lidzakhala lakuti, ya ndani? "Kusintha nkhope" nakonso n'koterera, pakuti munthu akasintha nkhope ndiye kuti wakwiya kapena wakhumudwa. "Kusinthanitsa nkhope" kukutanthauza kuti anthu awiri apatsana nkhope. Ine ndingalembe motere: "Tenga maso a amayi omwewo pa chithunzi chinacho, uwaike pa ichi." Liwu limene likugwira ntchito yaikulu m'chiganizochi ndi "omwewo". Musalisiye.

Tiyeni tidutse mu ntchito yeniyeniyo, kuti muone mawu ali pamalo pake. Tinene kuti munajambula kasanu motsatizana. Chachitatu ndiye chabwino kwa anthu 13, koma amayi aphethira. Pa chachinayi amayi ali maso, koma ana awiri akutsogolo acheuka. Chachitatu tichitche chithunzi chachikulu, chachinayi chithunzi chothandizira, ndipo mayina amenewa musawasinthe mpaka kumapeto kwa malangizo anu. Pewani kulemba "fulemu" ponena chithunzi chimodzi mwa zotsatizanazo, chifukwa kwa ambiri fulemu ndi chija cha matabwa ndi galasi chopachika pakhoma.

Mayina a pa kompyuta alembeni monga mmene akuonekera, osawamasulira, kuti mnyamatayo awapeze. Mu Photoshop, zithunzi ziwirizo zimalowa pamodzi kudzera apa:

```
File > Scripts > Load Files into Stack
Attempt to Automatically Align Source Images
```

Mzere wachiwiriwo ndi kabokosi kofunika kuchonga. Zithunzi zimabwera zitasanjikizana, china pamwamba pa chinzake, ndipo chilichonse anthu a ntchitoyi amachitcha leya. Chachikulu chikhale pamwamba, chothandizira pansi. "Kusanjikiza" ndi liwu loyenera apa, osati "kuphatikiza" kapena "kusakaniza", pakuti zithunzizo zikadali ziwiri, chilichonse pachokha.

Kabokosi kaja kamagwirizanitsa khoma, mitengo ndi mipando, zinthu zimene sizinasunthe. Sikadziwa kuti amayi anapendeketsako mutu pang'ono. Ndiye mphwanu atsitse Opacity ya leya yapamwamba kufika pa 50%, kuti nkhope ziwirizo zizioneka pamodzi, kenako asankhe leya yapansi n'kudina Ctrl+T, aisunthe ndi kuitembenuza pang'onopang'ono. Popeza maso a pamwamba ndi otseka, asayang'ane maso enieniwo. Ayang'ane ngodya za maso za kufupi ndi mphuno, nsonga ya mphuno ndi ndolo ngati avala. Zimenezi zikagwera pamodzi, adine Enter, asankhe leya yapamwamba, abwezere Opacity pa 100%. Anthu ena onse pa leya yapansiyo asokonekera, koma zilibe kanthu, sadzaoneka.

Apa ndi pamene liwu lolakwika limawononga ntchito. Ambiri amalemba kuti "fufuta maso otsekawo", ndipo wophunzira amathamangira Eraser. Chofufutidwa chapita. Njira yabwino ndi kuika chophimba pa leya yapamwamba, Layer > Layer Mask > Reveal All, n'kutenga burashi yofewa, Hardness ili pa 0%, kukula kwake kofanana ndi diso limodzi. Akapaka zakuda pa chophimbacho, chithunzi chapansi chimaonekera. Akapitirira malire, adine X, apake zoyera, chapamwamba chibwerera. Zili ngati kupinda ngodya ya chitenje kuti muone cha pansi: simunang'ambe kanthu. N'chifukwa chake mawu oyenera ndi "kubisa" ndi "kuonetsa", osati kufufuta kapena kudula. Kwa munthu wophethira, apake diso lililonse palokha, kuyambira m'munsi mwa diso kukafika ku nsidze, basi.

Akamaliza adine Ctrl+1, aone chithunzi pa kukula kwake kwenikweni. Zolakwika zimene ndimayembekezera ndi zochepa ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Nsidze zikaoneka ziwiriziwiri, kapena magalasi a maso akathyoka pakati, ndiye kuti maleya sanagwirizane, abwerere ku Ctrl+T. Khungu lozungulira maso likawala kapena kuda kuposa masaya, ndiye kuti kuwala kunasintha pakati pa zithunzi ziwirizo, mwina kamtambo kanadutsa kapena fulashi inali isanadzaze mphamvu. Zimenezo akonze pa leya yapansi ndi Curves, chida chosinthira kuwala, pang'ono chabe. Ayang'anenso kumene maso akuloza. Ngati pa chithunzi chothandizira amayi ankayang'ana wachibale wina amene ankajambula ndi foni chapambali, maso awo adzaloza kwina pamene gulu lonse likuyang'ana kwa inu.

Ngati mwapeza kuti anatsinzina ndithu, burashi ikule ndipo itenge nkhope yonse. Msoko ubisike pamalo pamene pali kale malire: m'mphepete mwa duku, pamene tsitsi layambira, pansi pa chibwano, pa mkanda kapena kolala. Chovuta kwambiri chimakhala kumbuyo kwa mutu. Pa mwambo umene amayi ambiri avala chitenje chofanana, maluwa a nsalu ya munthu woima kumbuyo amaulula msoko msanga, chifukwa nayenso anasuntha. Mutu ukakhala kuti unatembenuka kwambiri, moti khutu likuoneka pa chithunzi china koma pa chinzake ayi, musalimbane nawo. Sinthani maganizo: chachinayi chikhale chachikulu, mukonze ana awiri aja.

Ndiponso zithunzi zonse ziwiri zichokere mu kamera imodzi ndi pa nthawi imodzi. Chimene wachibale watumiza pa WhatsApp monga chithunzi wamba chimafika chitachepetsedwa, ndipo maso ake amaoneka osalala ngati opaka poyerekeza ndi khungu la chithunzi chanu. Asunge ntchito yake monga PSD kuti maleya asatayike, kenako atulutse JPEG ya makasitomala.

Kuti vutoli lichepe, jambulani kambiri. Nic Svenson ndi Piers Barnes a ku Australia, amene analandira mphoto ya Ig Nobel, ya kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo, mu 2006 chifukwa cha nkhani yomweyi, anapereka lamulo losavuta la gulu la anthu osafika 20: gawani chiwerengero cha anthu ndi 3 ngati kukuwala bwino, ndi 2 ngati kuli kamdima. Kwa anthu 14 ndiye kuti zithunzi 5 panja, 7 m'holo.

Kanthu kena kokhudza Lusaka, popeza mphwanuyo wakulira m'tauni momwe Chinyanja chimayendera limodzi ndi Chibemba. M'Chichewa chikope ndi khungu lophimba diso, koma m'Chibemba icikope ndi chithunzi. Mukamulembera kuti "konza chikope cha amayi", akhoza kumva kuti akonze chithunzi chonse, n'kuyamba kusalaza makwinya amene palibe anawadandaula. Lembani "chikope cha diso". Chimodzimodzi kukopa: pa Matero "nikopeni" ndi kupempha kujambulidwa, koma mukatumiza uthenga kwa achibale a mkwati a ku Lilongwe wonena kuti munakopa amayi a mkwatibwi kasanu, adzamva kuti munkawanyengerera. Kwa iwowo lembani kuti munawajambula.