Mawu ochepa, ulemu wokwana: kulembera munthu pa LinkedIn

Funso: "Ndimakhala ku Mabvuku ndipo ndinaphunzira zowerengera ndalama. Ndikufuna kulumikizana pa LinkedIn ndi Mayi Banda ena amene ndinaonana nawo pa msonkhano. Ndinawamva akuyankhula Chichewa pafoni. Ndiwalembere bwanji mwaulemu poti malo olembapo ndi ochepa? Nanga akavomera, ndiwauze pomwepo kuti ndikufuna ntchito?"

Achemwali, mwachita bwino kuti munawamva ndi makutu anu. Kuno ku Harare a Banda ndi a Phiri alipo ambiri amene anakulira m'Chishona, moti mfunda pawokha si umboni woti munthu awerenga Chichewa. Koma poti awa amayankhula, alembereni osaopa.

Mukadina Connect kenako Add a note, amene salipira amapatsidwa zilembo 200 zokha, olipira 300, ndipo mipata ya pakati pa mawu imawerengedwanso. Malonje athu aja a "muli bwanji, nanga kunyumba, kaya ana" sangakwanepo. Musadandaule nazo. Ulemu wa Chichewa umakhala m'kati mwa mneni: kusiyana kwa "unanena" ndi "munanena" ndi chilembo chimodzi basi, koma chilembocho ndicho chimasonyeza kuti munaleredwa. Taonani ichi:

"Moni Mayi Banda. Ndine wowerengera ndalama, tinaonana pa msonkhano Lachinayi ku Harare. Zomwe munanena za msonkho wa katundu zinandithandiza. Ndimati tilumikizane kuno ngati n'kotheka. Zikomo."

Zilembo zake sizikufika 200. Dzina lanu sindinaikemo chifukwa likuoneka kale pamodzi ndi chithunzi chanu. Malo amenewo ndapereka kwa chinthu chimene chiwakumbutse kuti ndinu yani, ndicho nkhani ya msonkho imene anakamba okha.

Mawu oti muwayang'anitsitse ndi "ndimati". Mukalemba "ndikufuna tilumikizane", galamala yake ilibe vuto, koma kwa munthu wamkulu zimamveka ngati mwabwera kudzalonjerera ngongole. Ife timabweza pempho m'mbuyo pang'ono: ndimati, ndimafuna, ndinati ndifunseko. Zimakhala ngati ganizolo munali nalo kale ndipo mwiniwake ali ndi ufulu wolikana. Ka "-ko" nakonso kamafewetsa; "mundiuze" ndi lamulo, "mundiuzeko" ndi pempho. Komabe kamodzi nkokwanira. Ena amathira "-ko" pa mneni aliyense, n'kuwonjezapo "chonde chonde", mpaka uthenga umamveka ngati wa munthu wopempha ya basi.

Pa katchulidwe, "Mayi Banda" ndi bwino, "a Banda" ndi bwinonso. "Amayi anga", "azakhali" kapena "achemwali" zisungeni kufikira iwo atayamba kukutchulani mwachibale. Ine ndakutchulani achemwali chifukwa pano tikucheza, koma inu mukugogoda pa ofesi. "Bwana" sindimawakonda mawu amenewa pamalo otere, amakutsitsani musanayambe n'komwe kukambirana.

Chishona chimalowerera mwakachetechete. Poti m'kalembedwe kake mulibe l, dzanja limathamangira "muri bwanji" ndi "ndiri", pamene m'Chichewa cha masiku ano timalemba "muli" ndi "ndili". Choopsa kwambiri ndi "kukumbira". M'Chishona ndi kupempha, koma Mchewa akawerenga "ndikukumbira" aganiza za khasu ndi dzenje. Lembani "ndikupempha".

Akavomera, musatumize makalata anu a sukulu tsiku lomwelo. Apa malo alipo ambiri, choncho moni wonse abwerere, ndipo mufunse chinthu chimodzi chimene angayankhe ali chiimire:

"Mwaswera bwanji Mayi Banda? Zikomo povomera. Panopa ndimasunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ku Msasa, koma ndimafuna nditalowa mbali ya misonkho. Ndimati ndifunseko: kwa munthu woyamba kumene, ndi maphunziro ati amene inu mumawaona kuti ndi othandiza? Mukapeza mpata mudzandiyankhe."

Simunapemphe ntchito, koma adziwa kale chimene mukusaka. Onaninso "-dza-" wa mu "mudzandiyankhe": akukankhira yankho kutsogolo, kusonyeza kuti simukuwaumiriza lero. Mukalemba "mundiyankhe" ndiye kuti mwaima pakhomo kudikira. Moniwo mugwirizanitse ndi nthawi: "mwadzuka bwanji" m'mawa, "mwaswera bwanji" masana kapena madzulo. Poti simudziwa nthawi imene atsegule uthengawo, "muli bwanji" salakwika.

Sabata ikatha ali chete, mutha kulembanso kamodzi, mwachidule: "Ndimati ndikukumbutseniko za funso lija." Musalembe "simunandiyankhe", chifukwa mawu amenewo amaloza chala. Ndipo akakuyankhani m'Chishona kapena m'Chingerezi, pitirizani m'chiyankhulo chimene asankhacho. Mwina Chichewa amachiyankhula bwino koma sanazolowere kuchilemba.