Amuna anga anapepesa koma mtima sukubwerera

"Amayi anzanga ndithandizeni. Miyezi 4 yapitayo ndinapeza mameseji a chibwenzi mu foni ya amuna anga. Ankhoswe anakhala, bambowa anapepesa, koma mpaka pano akangochedwa kufika mtima umagunda. Ndikafunsa amati nkhani inatha kale ija. Abusa akuti tipite ku uphungu. Kodi zimathandizadi? Ndingadzawakhulupirirenso?"

Asisi pepani kwambiri. Ineyo zinandichitikira tili ndi zaka 9 m'banja, pano tikadali limodzi, nde ndikuuzani momwe ndinazionera. Mawu oti nkhani inatha kale aja ndi amene akukudwalitsani. Ankhoswe akakhala amathetsa mlandu, wolakwa wavomera, wapepesa, onse amwazikana. Koma chikhulupiriro sichibwera tsiku la ankhoswe, chimabwera munthu akanena kuti ndifika 6 koloko nkufikadi, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, miyezi nkumapita inu mukuona ndi maso kuti zonena ndi zochita zikugwirizana. Ndipo ntchito yaikulu apa ndi ya amene analakwayo. Miyezi 4 ndi yochepa zedi, ine zinanditengera pafupifupi zaka 2 kuti foni yawo ilire usiku osadzidzimuka.

Musanaganize za uphungu, munayezetsa magazi? Izi ankhoswe ambiri satchula chifukwa cha manyazi. Pitani limodzi kuchipatala cha boma, HIV amayeza ulere, ndipo mufunsenso za chindoko ndi chinzonono chifukwa matenda amenewa makamaka kwa ife azimayi amatha kukhala phee osaonetsa chizindikiro. Kachilombo kakangolowa kumene sikaoneka poyeza, nde muyezetsenso pakatha miyezi 3 kuwerengera tsiku lomaliza lomwe anagona ndi mkaziyo, pakatipo kondomu basi. Ngati simukutsimikiza kuti asiyadi funsani anamwino za PrEP, mankhwala omwe munthu yemwe alibe kachilombo amamwa kuti adziteteze. Ndipo apa pomwe mudzaona mtima wawo, mwamuna wolapadi amadandaula inde koma amapita.

Kwathu chomwe chinatsala pang'ono kuthetsa banja sichinali chibwenzicho ayi, kunali kuulula pang'onopang'ono. Kwa ankhoswe anati zinali za mwezi umodzi, kungochezerana pa WhatsApp. Patatha masabata 6 ndinapeza mameseji a Airtel Money osonyeza kuti ankatumiza ndalama mwezi uliwonse kwa miyezi 8, inali ya lendi. Tsiku limenelo linandipweteka kuposa loyamba lija chifukwa ndinazindikira kuti ngakhale kupepesa kuja munali bodza, zonse zomwe tinamanga m'masabata amenewo zinagweratu.

Apa mpomwe mlangizi anatithandiza. Anali mayi wina amene anaphunziradi za uphungu, osati wachibale, osatinso wa mumpingo mwathu. Anayamba wakumana nafe payekhapayekha, kenako anauza amuna anga kuti akonzeke kunena zonse kamodzi pamaso pake, ine ndikalembe mafunso papepala. Anandithandiza kusankha oti ndifunse: zinayamba liti, zinatha liti ndipo zinatha bwanji, panapita ndalama zingati, ankadziteteza kapena ayi, pali mimba kapena mwana, ndani wina ankadziwa. Koma za kuchipinda, zoti ankachita bwanji, anali wokongola kuposa ine kapena ayi, anati zisiyeni, mukazimva zimasanduka zithunzi m'mutu zomwe sizichoka. Ndinafunsabe limodzi la mafunso amenewo ndipo mpaka lero ndimalakalaka ndikanapanda kufunsa.

China anatiikira nthawi. Ine ndinkawadzutsa 2 koloko usiku ndi mafunso, iwo nkumakalipa kuti kodi ndidzapepesa mpaka liti, mapeto ake tonse osagona ana nkumamva. Mayi aja anati kawiri pa sabata, mphindi 30, ana akagona, ine ndifunse chilichonse iwo ayankhe osakwiya komanso osabweza mlandu kwa ine, nthawi ikakwana tisiye. Poyamba ndinaona ngati akunditseka pakamwa koma zinandipatsa mpumulo, ndinkadziwa kuti Lachitatu ndifunsa nde Lolemba ndinkatha kugwira ntchito. Foni inakhala yopanda pasiwedi yobisa, nambala ya mkazi uja anaibuloka ine ndikuona atamulembera meseji yothetsa yomwe ndinawerenga, ndipo tinagwirizana kuti mkaziyo akangowaimbira pa nambala ina iwo andiuze tsiku lomwelo. Anawaimbiradi patatha mwezi ndipo anabwera kudzandiuza okha ndisanadziwe kalikonse. Kunena zoona tsiku limenelo ndi lomwe ndinayamba kuwakhulupirira pang'ono, kuposa mapepeso onse aja. Za foni tinati ndi za miyezi 6 kenako tionenso, chifukwa simungakhale wapolisi wa mwamuna wanu moyo wonse, mumatopa ndinu, komanso wofuna kubisa amangogula kafoni kena.

Nde zomwe uphungu sungachite, mumve bwino. Mlangizi sangathetse chibwenzi cha munthu yemwe sakufuna kuchithetsa, ndipo alibe makina odziwira bodza, bambo akhoza kulira pamaso pake Loweruka Lamulungu nkukagona komweko. Ngati chibwenzi chikadalipo ndalama ndi nthawi yanu zikungopita. Sangakusankhireninso kuti khalani kapena chokani, ndipo sangafufute zomwe munawerenga zija. Ena amapita ku uphungu nkutulukako atagwirizana zosiyana mwamtendere nkumalera ana bwinobwino, zimenezonso si kulephera.

Muonenso mlangizi wake. Akangoyamba ndi kukufunsani inu kuti kodi kuchipinda mumatani, mumawaphikira bwanji bambo, kapena akayamba zija zoti banja ndi kupirira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ameneyo akusenzetsani katundu yemwe si wanu. Mavuto a m'banja analipo inde, kwathunso analipo ndipo ena anali anga, tinadzawakamba patsogolo patatha miyezi ingapo. Koma kupita kunja anasankha okha, ndipo zimenezo ziyambe zavomerezedwa popanda "koma nawenso". Abusa anu akhoza kukhala abwino, ingodzifunsani ngati mungamasuke pamaso pawo komanso ngati nkhani yanu siidzamveka ku chigwirizano cha amayi. Chimodzimodzi kukhululuka, musakakamizidwe kuti popeza mwakhululuka ndiye musafunsenso. Mukhoza kukhululuka lero pamaso pa Mulungu koma kukhulupirira nkudikira kaye umboni.

Simunanene ngati amakumenyani kapena kukuopsezani mukafunsa. Ngati zilipo musapite nawo limodzi ku uphungu, chifukwa zomwe mudzanene mchipindamo mukazilipira kunyumba. Pitani nokha ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso chokutetezani.

Ngati nkhanza palibe, sabata ino akhazikeni pansi masana muli awiri, osati pa nthawi ya mkangano, muwauze kuti kwa ine nkhaniyi sinathe, ndikufuna tikayezetse limodzi, mundiuze zonse kamodzi pamaso pa mlangizi, ndipo mukachedwa muziimba ndisanakuimbireni. Akavomera nkuchitadi kwa miyezi 3 mosakumbutsidwa pali poyambira. Akakana zonse nkumangoti ankhoswe anaweruza kale, pitani nokha kwa mlangiziyo mukakambe za inuyo, tulo tanu, ana ndi ndalama zanu, ndipo muwauze ankhoswe a mbali yanu kuti mwapempha chani ndipo mwayankhidwa chani.