Penshoni ya K40 miliyoni: nditenge yonse kapena ndizilandira pamwezi?

"A loya, ndikupuma ntchito pa kampani ina ku Blantyre, zaka ndakwanitsa 60. Ku penshoni akuti ndili ndi K40 miliyoni koma akukana kundipatsa yonse. Ndalama ndi yanga, ndikufuna ndigule minibasi ndimalizenso nyumba ku Chileka. Ndingawasumire?"

Bambo, kusuma musataye nako ndalama, mlanduwo simungawine. Akukaniza si a kampani, ndi lamulo la penshoni la 2023, limene likuti popuma mutha kutenga pakamodzi mpaka 50 peresenti. Lamulo la 2011 linkalola 40 yokha, ndiye panopa zachitako bwino. Amene amapatsidwa yonse ndi omwe kandalama kawo ndi kochepa zedi moti sikangatuluke penshoni ya pamwezi, inu pa 40 miliyoni simuli mgulu limenelo ayi. Ndiye K20 miliyoni ibwera m'manja ngati mwafuna, inayo itsala kuti muzilandira mwezi ndi mwezi.

Musanasayine chilichonse pemphani sitetimenti yonse kuchokera mwezi omwe munalowa. Olemba ntchito amayenera kuponya 10 peresenti, inu 5, koma alipo mabwana amadula pa peyisilipu ndalama osakapereka. Mukaona miyezi yodumpha lemberani kalata oyendetsa thumba la penshonilo, zikapanda kuyenda kadandauleni kwa Rejisitala wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi. Apa pokha ndi pomwe mungakhale ndi mlandu weniweni.

Tsono theka lotsalali ndi lomwe anthu salilabadira, maso amangokhala pa yotenga pakamodzi ija, pomwe ndi limene lidzakudyetseni mukadzafika 80. Njira zilipo ziwiri. Mutha kugula anyuwiti ku kampani ya inshulansi ya moyo, mwawapatsa 20 miliyoni iwo azikulipirani mpaka tsiku lomwalira, kaya mukhala zaka zitatu kaya 30. Kapena ndalama ikhale m'thumba momwemo izipindula inu muzitapa pang'onopang'ono mwandondomeko, yotsala mukamwalira ndi ya banja lanu, koma dziwani kuti imeneyi itha kuchepa kapena kutha inu mukadali moyo. Anyuwiti mukasayina mwasayina, palibe zoti chaka chamawa ndasintha maganizo ndibwezereni.

Ndiye pemphani makotesheni olembedwa, ku makampani awiri kapena atatu, osangotenga yomwe akubweretserani ku ofesi. Tiyerekeze akupatsani ziwiri, manambalawa ndangopeka kuti muone mmene zimayendera: K250,000 pamwezi yosasintha, kapena K190,000 yokwera ndi 5 peresenti chaka chilichonse. Aliyense amathamangira yoyambayo. Koma zinthu zikamakwera mtengo ndi 20 peresenti pachaka, zomwe taziona kale zaka zapitazi, pakatha zaka zinayi 250,000 ija ikugula zomwe lero mungagule ndi K120,000. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, a penshoni yosasintha palibe anawaonjezera ngakhale tambala. Yachiwiri ija imadzaipitirira yoyamba pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, sikuti ithana ndi kukwera kwa mitengo koma bola.

Funsaninso zinthu ziwiri izi, ndipo ayankhe papepala. Ndikamwalira mayi akunyumba azilandira zingati? Nanga pali zaka zotsimikizika, monga zisanu kapena khumi, zoti ndikafa msanga banja lipitirize kulandira? Anyuwiti ya munthu mmodzi yopanda zimenezi imaoneka yonona pamwezi chifukwa mukatsikira kuli chete mwezi wachitatu ndalama yonse yapita, mayi atsala manja lende. Ine munthu wapabanja sindingamulangize imeneyo.

Za 20 miliyoni yam'manja, ikakhala ku penshoni angongole sangaigwire wamba, koma ikangolowa mu akaunti yanu yasanduka ndalama ngati ina iliyonse. Yambani ndi ngongole za chiwongola dzanja chokwera, makamaka katapila ngati alipo. Nyumba malizani, kusiya lendi ndi phindu losakayikitsa, bola mapepala a malowo akhale m'dzina lanu musanathire simenti ina, milandu ya mapuloti ogulitsidwa kawiri tatopa nayo. Minibasi ndiye ayi ndithu ngati simunayendetsepo bizinesi imeneyi, injini ikagwa kamodzi dalaivala n'kuyamba kubweretsa nkhani m'malo mwa ndalama, mudzayamba kuidyetsa ndi kapenshoni ka pamwezi kaja. Yotsala igaweni, ya matenda ndi zadzidzidzi ya miyezi isanu ndi umodzi ikhale pofikirika, inayo kudzera ku banki yanu mukongoze boma pogula mabilu a masiku 91, 182 kapena 364, muzidya chiwongola dzanja pang'ono china chizibwerera momwemo. Achibale akamva abwera, zimenezo nzosayamba. Patulani kachigawo kawo pasadakhale, kakatha katha.

Komanso simukukakamizidwa kutenga 50 peresenti yonse. Ngati nyumba ndi ngongole zikukwana 12 miliyoni, funsani kotesheni ina ya 28 miliyoni muone pamwezi ikwera bwanji. Fomu ya olandira mukamwalira muionenso sabata ino, ambiri muli mayina omwe analemba akadali anyamata, ndipo oyendetsa thumba amayamba kuyang'ana fomuyo osati wilo.